Mmene mungawerengere ndalama imene mulandire pa invoisi akadulapo msonkho

Kontirakitala akatumiza invoisi ku kampani kapena ku bungwe lalikulu, nthawi zambiri ndalama imene imalowa mu akaunti yake sifanana ndi imene analemba pansi pa invoisiyo. M'mayiko ambiri lamulo limauza wolipirayo kuti asapereke ndalama yonse: adulepo gawo lina, alitumize ku bungwe lotolera misonkho m'dzina la kontirakitalayo, zotsalazo ndiye amupatse. Kuwerengera kwake si kovuta, koma anthu ambiri amaphonya pamalo amodzi omwewo. Amadziwa kuti msonkho ndi maperesenti angati, koma sadziwa kuti maperesentiwo akudulidwa pa nambala iti mwa manambala amene ali pa invoisi. Pamenepo ndi pamene pagona nkhani yonse, ndipo tikhalapo nthawi yaitali.

Titenga invoisi imodzi n'kuyenda nayo mpaka kumapeto. Manambala onse ndi oyerekeza chabe, ndipo sindikutchula mtundu wa ndalama chifukwa masamu ake ndi amodzi kulikonse. Maperesenti enieni a kwanu muwatenge ku bungwe lotolera misonkho n'kuwaika m'malo mwa angawa.

Gawani invoisi m'zigawo zake

Tiyerekeze kuti ndinu wa zamagetsi ndipo mwamaliza kuika mawaya mu ofesi ya kampani ina. Pa invoisi yanu mwalemba ndalama ya leba 1,840,000 ndi ndalama ya zipangizo, monga mawaya, masiwichi ndi mapaipi, 960,000. Zikaphatikizidwa ndi 2,800,000. Munalembetsa msonkho wa VAT, ndipo tiyerekeze kuti VAT ndi 16 peresenti, kutanthauza 448,000. Choncho pansi penipeni pa invoisi palembedwa 3,248,000.

Musanagwire kakyuleta, lembani manambala anayiwa papepala, iliyonse pamzere wake: leba, zipangizo, VAT, ndi zonse pamodzi. Invoisi imene yangolemba nambala imodzi yokha, kunena kuti ntchito yonse ndi zakutizakuti, imasiya chilichonse m'manja mwa amene akulipira. Iye sataya nthawi kufufuza kuti zipangizo zinali zingati. Adula pa nambala imene akuionayo, chifukwa ngati adula zochepa, bungwe la misonkho lidzafunsa iyeyo, osati inu. Choncho akakayikira amadula zambiri. Si nkhanza ayi, akungodziteteza.

Nthawi zina mtengo umagwirizanidwa VAT ili kale m'kati. Kasitomala amangoti tikupatsani 3,248,000 zonse pamodzi. Apa muyenera kutulutsa kaye VAT kuti mupeze mtengo weniweni wa ntchito, ndipo njira yake ndi kugawa, osati kuchotsera. Gawani 3,248,000 ndi 1.16, mupeza 2,800,000. Mukachotsera 16 peresenti pa 3,248,000 mupeza 2,728,320, ndipo imeneyo ndi nambala yolakwika. Chifukwa chake n'chakuti 16 peresentiyo inawerengedwa pa nambala yaing'ono ija, 2,800,000, ndiye simungaiwerengerenso pa nambala yaikulu n'kuyembekezera kubwerera pamene munayambira.

Dziwani nambala imene msonkho ukudulidwapo

Mafunso ndi awiri: kodi VAT ikulowa nawo, nanga zipangizo zikulowa nawo?

Funso loyamba ndi losavuta. Msonkho wodulidwawu ndi msonkho wa pa ndalama zimene inu mwapeza, ndipo VAT si ndalama yanu. Mumangoitolera m'malo mwa boma. Motero m'mayiko ambiri, ngati VAT yalembedwa payokha pa invoisi, msonkho umadulidwa pa mtengo wopanda VAT. Pa invoisi yathuyi ndiye kuti nambala ya 3,248,000 si yoyambirapo.

Funso la zipangizo ndi limene limasiyana dziko ndi dziko. Ku Britain, m'ndondomeko yawo ya makontirakitala a zomangamanga imene imadziwika kuti CIS, wolipira amayamba wachotsa VAT ndi mtengo wa zipangizo zimene kontirakitala anagula yekha, kenako n'kudula msonkho pa zotsalazo, zimene kwenikweni ndi leba. Kwina lamulo silisiyanitsa: msonkho umadulidwa pa mtengo wonse wa kontirakiti, zipangizo zili m'kati momwemo. Palinso malo amene zipangizo zimachotsedwa pokhapokha ngati zalembedwa pazokha pa invoisi. Mukafunsa ku bungwe la misonkho kapena kwa akauntanti, musangofunsa kuti peresenti ndi ingati. Funsani kuti pa ntchito ya mtundu wanuwo amadula pa mtengo wonse kapena pa leba yokha, komanso ngati akufuna malisiti a zipangizo ngati umboni.

Onani kusiyana kwake tikatenga 10 peresenti. Pa mtengo wonse wa 2,800,000 adula 280,000. Pa leba yokha ya 1,840,000 adula 184,000. Ntchito ndi yomweyo, peresenti ndi yomweyo, koma pali kusiyana kwa 96,000 pa ndalama imene mukhale nayo m'manja mwezi umenewo. Kwa munthu amene anakongola zipangizo ndipo anyamata ake akudikira malipiro, imeneyi si ndalama yochepa.

Chenjezo limodzi pano. Ena akamva kuti zipangizo sizidulidwa msonkho amakweza mtengo wa zipangizo pa invoisi n'kutsitsa leba. Musatero. Kumene lamulo limalola kuchotsa zipangizo, kawirikawiri limanena za mtengo umene munagulira, ndipo wolipira ali ndi ufulu wofuna kuona malisiti kapena kuyerekeza yekha mtengo woyenera akaona kuti nambala yanu yafufuma.

Pezani peresenti yoyenera inuyo

Peresenti siikhala imodzi kwa aliyense. Imatengera mtundu wa ntchito, monga kumanga, kupereka upangiri, kunyamula katundu kapena kubwereketsa makina. Imatengeranso kuti ndinu munthu payekha kapena kampani, kuti mumakhala m'dziko lomwelo kapena kunja, komanso kuti munalembetsa ku bungwe la misonkho kapena ayi. Ku Britain kuja, kontirakitala wolembetsa amadulidwa 20 peresenti, wosalembetsa 30 peresenti, ndipo amene bungwe la misonkho lamuvomereza kuti azilandira ndalama yonse sadulidwa kalikonse. Ku India malipiro a makontirakitala amadulidwa 1 peresenti kwa munthu payekha ndi 2 peresenti kwa kampani, koma amene sanapereke nambala yake ya msonkho amadulidwa 20 peresenti. Ku America nthawi zambiri kontirakitala amalandira ndalama yonse, koma akapanda kupereka nambala yolondola ya msonkho wolipira amadula 24 peresenti.

Mayiko atatuwa ndi osiyana kwambiri, koma akugwirizana pa chinthu chimodzi: kusapereka nambala ya msonkho kumadya ndalama. Lembani nambala yanu pa invoisi iliyonse, ndipo onetsetsani kuti dzina la pa invoisi ndi lomwelo limene munalembetsa nalo. Ngati muli ndi satifiketi yokuchotsani pa gulu la odulidwa kapena yokutsitsirani peresenti, tumizani kope lake limodzi ndi invoisi, ndipo yang'anani tsiku limene ikutha mphamvu. Kupita nayo ndalama italipidwa kale sikuthandiza kwenikweni, chifukwa wolipira akatumiza msonkhowo ku boma sangaubwezenso yekha.

Mayiko ena amaikanso malire: invoisi yaing'ono siidulidwa mpaka malipiro a chaka chimenecho atapitirira mlingo wina. Ngati kasitomala amene sankakudulani wayamba mwadzidzidzi, funsani ngati si chifukwa chimenecho.

Tsopano werengerani

Mukadziwa nambala yodulapo ndi peresenti, chatsala ndi masitepe awiri okha. Choyamba chulukitsani nambala yodulapo ndi peresenti kuti mupeze msonkho. Chachiwiri chotsani msonkhowo pa ndalama yonse ya invoisi, imene ili ndi VAT m'kati. Taonani kuti nambala imene mukuchulukitsa ndi imene mukuchotserapo ndi zosiyana. Msonkho ukuwerengedwa pa mtengo wopanda VAT, koma wolipira akukupatsanibe VAT yonse.

Tiyerekeze kuti kwanu amadula 10 peresenti pa mtengo wonse wopanda VAT. Msonkho ndi 280,000. Chotsani pa 3,248,000, kutsala 2,968,000. Imeneyi ndiyo ndalama imene iyenera kulowa mu akaunti. Kukanakhala kuti amadula pa leba yokha, mukanachotsa 184,000 n'kulandira 3,064,000. Kuyambira pano tigwiritsa ntchito 2,968,000.

Ngati mumatumiza mainvoisi ambiri, ikani masamuwa mu Excel kapena Google Sheets. Leba ikhale mu B1, zipangizo mu B2, peresenti ya VAT mu B3 ndipo peresenti ya msonkho wodulidwa mu B4, ndipo maperesentiwo muwalembe ndi chizindikiro chake, monga 16% ndi 10%. Mizere ili m'munsiyi ndi ya B5, B6 ndi B7, ndipo ikupatsani VAT, msonkho wodulidwa ndi ndalama yolandira, motsatana choncho.

```
=ROUND((B1+B2)*B3,2)
=ROUND((B1+B2)*B4,2)
=B1+B2+B5-B6
```

Kumene amadula pa leba yokha, mzere wachiwiri ukhale ndi B1 yekha m'malo mwa B1+B2.

Ine ndimalimbikitsa kuti masamu amenewa muziwalemba pa invoisi penipeni, m'munsi mwa ndalama yonse: msonkho woyembekezeka kudulidwa, peresenti yake, nambala imene yadulidwapo, ndi ndalama yotsala. Musachepetse nawo ndalama yonse ya invoisi, imeneyo ikhalebe 3,248,000, chifukwa ndi mtengo wa ntchito yanu. Mizere yowonjezerayo ingokhala chidziwitso. Wa ku ofesi ya malipiro akaona kuti mwawerengera kale, ngati akuganiza mosiyana amakufunsani asanalipire, ndipo nthawi yabwino yokambirana ndi imeneyo.

Pali chinanso chofunika kuona pa 2,968,000 imeneyi. Si yonse imene mungagwiritse ntchito, chifukwa m'kati mwake muli 448,000 ya VAT. Mukaichotsa mutsala ndi 2,520,000, imene ndi 90 peresenti ya 2,800,000, monga mmene ziyenera kukhalira. N'zoona kuti pokalipira VAT mudzachotsapo VAT imene munalipira pogula zipangizo, ndiye yopita ku boma idzachepa. Komabe ipatuleni tsiku lomwelo ndalama yalowa. Kontirakitala amene wadulidwa msonkho amakhala wopanikizika, ndipo VAT ili pomwepo mu akaunti, n'zosavuta kuidya osadziwa. Mukumbukirenso kuti VAT imene mukulengeza ku boma imawerengedwa pa 2,800,000 yonse. Kudulidwa kwa msonkho winawu sikuichepetsa.

Pakakhala adivansi kapena ndalama yosungidwa

Ntchito zazikulu sizilipidwa kamodzi, ndipo zolakwika zambiri zimalowera pamenepa.

Tiyambe ndi adivansi. Tiyerekeze kuti poyamba ntchito anakupatsani 500,000 ya adivansi, n'kudulapo 50,000, inu n'kulandira 450,000. Kuti chitsanzo chisachulukire, tinene kuti VAT yonse ibwera pa malipiro omaliza. Pa invoisi yomaliza muyenera kuchotsa 500,000, osati 450,000, chifukwa kasitomala analipiradi 500,000, kungoti 50,000 inapita ku boma m'dzina lanu. Msonkho wa ntchito yonse ndi 280,000, ndipo 50,000 inadulidwa kale, choncho wotsala ndi 230,000. Malipiro omaliza akhala 3,248,000 kuchotsapo 500,000 ndi 230,000, kutsala 2,518,000. Phatikizani ndi 450,000 ija, mupeza 2,968,000 yomwe ija. Chimene chimachitika kawirikawiri n'chakuti amene akukonza malipiro omaliza sakudziwa kuti adivansi inadulidwa kale, ndiye amadulanso 280,000 yonse. Mukaona kuti ndalama yaperewera ndi 50,000 ndendende, mwadziwa pamene palakwika.

Pa ntchito zomanga kasitomala amakondanso kusunga gawo la ndalama ngati chikole, kuti adzakupatseni ndalamayo ikadzatha nthawi yoona ngati ntchito ili bwino. Tinene kuti ndi 5 peresenti ya 2,800,000, imene ndi 140,000, ndipo tiiwale kaye za adivansi. Chikolechi si msonkho, chili m'manja mwa kasitomala, osati mwa boma. Funso n'lakuti msonkho wa 140,000 imeneyi udulidwa liti. Kumene lamulo limati msonkho umadulidwa pa nthawi yolipira, lero adula 10 peresenti ya 2,660,000 yokha, imene ndi 266,000, ndipo mulandira 2,842,000. Chikole chikadzatuluka adzadula 14,000 n'kukupatsani 126,000. Kumene lamulo limati msonkho udulidwe invoisi ikangolowa m'mabuku a wolipira, adula 280,000 yonse lero, mulandira 2,828,000, ndipo chikole chidzabwera chathunthu, 140,000. Njira zonse ziwiri zikuthera pa 2,968,000. Chofunika n'kulemba penapake njira imene yagwiritsidwa ntchito lero, chifukwa chikole chimatuluka patapita miyezi yambiri, mwina m'manja mwa munthu wina, ndipo n'zosavuta kuti 14,000 idulidwe kachiwiri.

Ndalama ikalowa, ibwerezeni chammbuyo

Sitetimenti ya ku banki imangoonetsa nambala imodzi, siifotokoza kanthu. Ngati ndi 2,968,000, zonse zili bwino. Ngati ndi ina, musathamangire kuimba foni mutakwiya. Yambani mwapeza kusiyana kwake, chifukwa kusiyanako kumaulula chimene chachitika.

Tinene kuti mwalowa 2,923,200. Chotsani pa ndalama yonse ya invoisi: 3,248,000 kuchotsa 2,923,200 ndi 324,800. Imeneyi ndiyo yadulidwa. Tsopano igaweni ndi manambala anu aja limodzi ndi limodzi, muone pamene patuluke peresenti yozungulira bwino. Mukaigawa ndi 2,800,000 mupeza 11.6 peresenti, imene siifanana ndi peresenti iliyonse imene mukuidziwa. Mukaigawa ndi 3,248,000 mupeza 10 peresenti ndendende. Ndiye kuti adula pa ndalama imene ili ndi VAT. Umboni wina ndi uwu: ndalama yaperewera ndi 44,800, imene ndi 10 peresenti ya 448,000 ya VAT ija. Mukaimba foni muli ndi nambala imeneyi m'manja, nkhani imafupika, chifukwa mukuuza munthuyo mzere weniweni umene waphonya.

Njira yomweyi imagwira zolakwika zina. Ngati chodulidwacho chikagawidwa ndi 2,800,000 chikupereka peresenti yozungulira koma yokwera kuposa imene mumayembekezera, ndiye kuti akuikani m'gulu lina, mwina la osalembetsa kapena la ntchito ya mtundu wina. Ngati kupereweraku kukufanana ndi VAT yonse kapena gawo lake lozungulira, funsani ngati kasitomalayo ali m'gulu la amene boma linawapatsa udindo wodulanso VAT, chifukwa m'mayiko ena ndondomeko imeneyo iliko ndipo imakhala ndi satifiketi yakeyake. Kukakhala kuperewera kwakung'ono kosagwirizana ndi peresenti iliyonse, makamaka pa ndalama yochokera kunja kwa dziko, nthawi zambiri ndi ndalama imene mabanki adula potumiza, ndipo imeneyo simungaiwerengere ngati msonkho.

Palinso njira yachidule yoonera ngati zinthu zili bwino. Pa 100 iliyonse ya mtengo wopanda VAT, mukuwonjezera 16 ya VAT n'kuchotsa 10 ya msonkho, kutsala 106. Choncho ndalama yolowa ikagawidwa ndi 1.06 iyenera kubweza mtengo wa ntchito. 2,968,000 kugawa ndi 1.06 ndi 2,800,000. Amene sanalembetse VAT agawe ndi 0.90.

Mukafuna kuti m'manja mutsale nambala inayake

Nthawi zina funso limatembenuka. Mukudziwa kuti pa ntchito ina mukufunika kutsala ndi 900,000 kuti mulipire antchito ndi ngongole ya zipangizo, ndiye mukufuna kudziwa kuti pa kotesheni mulembe zingati. Tiike VAT pambali. Ambiri amawonjezera 10 peresenti pa 900,000 n'kulemba 990,000. Koma wolipira adula 10 peresenti ya 990,000, imene ndi 99,000, ndipo mutsala ndi 891,000. Mwaperewera 9,000. Njira yolondola ndi kugawa 900,000 ndi 0.90, n'kupeza 1,000,000. Akadula 100,000 mutsala ndi 900,000 yanu. Peresenti ikamakwera, kuphonyako kumakulanso: pa 20 peresenti, kuwonjezera kumakupatsani 1,080,000 pamene nambala yoyenera ndi 1,125,000.

Koma ganizirani bwino musanachite zimenezi. Monga tionere pansipa, ndalama yodulidwayo nthawi zambiri siinatayike, ndi msonkho wanu womwe umene mwalipiriratu. Mukaiwonjezera pa mtengo ndiye kuti mwangokweza mtengo wa ntchito, ndipo mnzanu amene sanatero akhoza kukulandani kontirakiti. Masamuwa amathandiza kwambiri podziwa ngati ndalama ikwanire kumalizira ntchito. Amathandizanso pamene kontirakiti yanena momveka kuti mudzalandira ndalama yakuti msonkho utachotsedwa kale, wolipira n'kusenza msonkhowo. Zikatero, dziwani kuti m'mabuku a boma mwapeza 1,000,000, osati 900,000, ndipo satifiketi iyenera kuonetsa choncho.

Tengani satifiketi, ndipo lembani ndalama yonse m'mabuku

280,000 ija ili m'dzina lanu ku bungwe la misonkho, koma kuti muiwerengere pamafunika umboni. Wolipira ayenera kukupatsani satifiketi kapena chikalata chosonyeza ndalama imene analipira ndi msonkho umene anadula. Ikafika, yang'anani dzina lanu, nambala yanu ya msonkho, nambala imene anadulapo, peresenti, ndalama yodulidwa ndi mwezi wake. Nambala ya msonkho ikalakwika ndi chilembo chimodzi chokha, ndalamayo imakakhala pa dzina la munthu wina kapena siikhala pa dzina la munthu aliyense. Kumene bungwe la misonkho lili ndi malo a pa intaneti oonera akaunti yanu, lowanimo tsiku lotumizira misonkho likadutsa, muone ngati 280,000 yaoneka. Zimachitika kuti wolipira wadula koma sanatumize, ndipo n'kosavuta kumutsatira mwezi wotsatira kusiyana ndi kumapeto kwa chaka, pamene mwina amene anakonza malipirowo anasiya ntchito.

M'mabuku anu lembani kuti mwagulitsa ntchito ya 2,800,000, VAT 448,000, ku banki kwalowa 2,968,000, ndipo 280,000 ndi msonkho wolipiriratu. Mukatero invoisi imatsekeka yonse. Amene amangolemba ndalama yolowa ku banki amakhala ndi mavuto awiri: invoisi imaoneka ngati kasitomala akadali ndi ngongole ya 280,000, ndipo ndalama imene amalengeza kumapeto kwa chaka imakhala yochepa kuposa imene wolipira anauza boma. Manambala awiriwa akasiyana, mafunso amabwera kwa inu.

Tsopano tione mmene zimathera pa chaka. Msonkho wodulidwa umawerengedwa pa mtengo wa ntchito, pamene msonkho weniweni wa bizinesi umawerengedwa pa phindu. Tiyerekeze kuti chaka chonse munagwira ntchito imodzi yokhayi. Pa 2,800,000 chotsani 960,000 ya zipangizo ndi 1,100,000 ya malipiro a antchito, mayendedwe ndi zina, phindu likhala 740,000. Ngati msonkho wa phindu uli 30 peresenti, muyenera kulipira 222,000. Koma anakudulani kale 280,000, ndiye boma lili ndi 58,000 yanu yapamwamba, imene mungapemphe kuti akubwezereni kapena ipite ku msonkho wa chaka chotsatira, malinga ndi lamulo la kwanu. Akanadula pa leba yokha, 184,000, bwenzi mukuwonjezera 38,000 kumapeto kwa chaka. Msonkho wonse ndi 222,000 m'njira zonse ziwiri. Chasintha ndi nthawi yokha imene ndalamayo yachoka m'manja mwanu.

Apa mpamene mungaone ngati peresenti imene akukudulani ikukupwetekani. Pa manambala athuwa, 10 peresenti ya mtengo imafanana ndi 30 peresenti ya phindu pokhapokha phindu litakwana gawo limodzi mwa magawo atatu a mtengowo. Lathu ndi 740,000 pa 2,800,000, pafupifupi 26 peresenti, n'chifukwa chake mwadulidwa zopitirira. Kontirakitala amene ntchito zake zimadya zipangizo zambiri ndipo phindu lake ndi lochepa amadulidwa zopitirira chaka ndi chaka, ndipo ndi amene ayenera kufunsa za satifiketi yotsitsa peresenti kapena yochotseratu, kumene ilipo. Kawirikawiri amaipereka kwa amene mafomu ake a msonkho ali m'malo ndipo alibe ngongole ku bungwelo.

Pali gulu limodzi limene masamu omalizawa sawakhudza. M'malamulo ena msonkho wodulidwa umatengedwa kuti ndi womaliza, makamaka pa malipiro opita kwa kontirakitala wa dziko lina. Pamenepo palibe kuwerengera phindu kapena kubwezeredwa kuchokera ku dziko limene ladulalo. Ngati mukugwirira ntchito kasitomala wakunja, funsani musanasainirane ngati mayiko anu awiri ali ndi pangano lopewa kukhometsa msonkho kawiri. Likakhalapo, peresenti ikhoza kutsika, koma wolipira adzafuna chikalata chochokera ku bungwe la misonkho la kwanu chotsimikiza kuti mumakhoma msonkho kumeneko, ndipo chiyenera kumufika asanalipire. Satifiketi imene iye adzakupatseni muisunge, chifukwa ndi imene mudzaonetse kwanu popempha kuti msonkho wodulidwa kunjawo auchotsere pa umene mukuyenera kulipira.